Kuwerenga tchati cha mizati cha pa sikirinishoti: kupeza manambala ndi peresenti ya kusintha pakati pa zaka ziwiri

Mwezi suumatha ndisanalandire chithunzi cha tchati pa foni, pansi pake pali funso lomwe lija: apa zakwera ndi maperesenti angati? Ena ndi ana asukulu amene apatsidwa ntchito, ena akulemba lipoti la kuntchito, ena akungofuna kudziwa ngati zimene wina walemba pa gulu zili zoona. Nthawi zambiri chithunzicho chimakhala sikirinishoti, ndiye kuti wina anajambula zimene zinali kuoneka pa foni kapena pa kompyuta yake, ndipo manambala enieni palibe. Pamangooneka mizati yotalika mosiyana ndi mizere yopyapyala kumbuyo kwake. Ndayankha kokwanira mmodzimmodzi, tsono ndalemba pano kuti aliyense azitha kudzipezera yekha.

Kugawa ndi kuchulukitsa sikuvuta, kakyuleta ya pa foni imachita zimenezo. Pamene anthu amagwera ndi potulutsa nambala pa mzati umene wathera pakati pa mizere iwiri, ndiye pamenepo ndikhalitsapo.

Tigwiritsa ntchito chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto: chiwerengero cha anthu m'Malawi pa kalembera wa 2008 ndi wa 2018. Ndasankha chimenechi chifukwa manambala ake enieni ndi odziwika, kotero tikatha kuyeza tidzatha kuona ngati tayandikira. Tiyerekeze kuti mwalandira tchati chokhala ndi mizati isanu ndi umodzi, ya zaka za kalembera: 1966, 1977, 1987, 1998, 2008 ndi 2018. Kumanzere kuli manambala 0, 5, 10, 15 ndi 20, pamwamba pa mizati sipanalembedwe kanthu.

Tiyambe tamvana mawu. Mzati ndi chinthu choimirira chija chimene kutalika kwake kukuimira kuchuluka. Sikelo ndi manambala a m'mbali, kawirikawiri kumanzere. Mizere yopingasa ndi mizere yopyapyala yochokera pa nambala iliyonse ya sikelo n'kudutsa kumbuyo kwa mizati. Mpata ndi danga la pakati pa mzere wopingasa umodzi ndi unzake.

1. Musanayang'ane mizati, werengani zolembedwa zonse

Yambani ndi mutu wa tchati, kenako mawu a pambali pa sikelo. Matchati ambiri amene timalandira ndi olembedwa m'Chingerezi, ndiye funani mawu ngati "millions", "thousands" kapena chizindikiro ichi: '000. Pa tchati chathu palembedwa "millions", kutanthauza kuti 15 ndi anthu 15 miliyoni. Pakadalembedwa '000, sikelo ikadaonetsa 15,000 kuimira anthu omwewo. Pa peresenti zimenezi sizisintha yankho, koma mukadzalemba kuti anthu anawonjezereka ndi 4.5 osanena kuti ndi mamiliyoni, wowerenga adzasokonezeka.

Onaninso ngati chithunzicho chili chathunthu. Wojambula sikirinishoti amakonda kudula m'mphepete kuti chithunzi chioneke bwino, ndipo chimene chimadulidwa ndi sikelo kapena zaka za pansi. Ngati sikelo yadulidwa yonse ndipo pa mizati palibe nambala ngakhale imodzi, imani pomwepo ndipo pemphani chithunzi china. Simungadziwe pamene mizatiyo yayambira, ndipo chilichonse chimene mungawerengere chidzakhala chongopeka.

Ngati chaka chilichonse chili ndi mizati iwiri kapena itatu ya mitundu yosiyana, monga amuna ndi akazi, pezani kabokosi kofotokoza mitunduyo ndipo tsatirani mtundu umodzi pa zaka zonse ziwiri.

2. Onani nambala imene sikelo yayambira

Tsitsani maso pansi penipeni pa sikelo. Payambira 0 kapena nambala ina? Pa tchati chathu payambira 0, choncho mzati wotalika kawiri ukuimiradi kuchuluka kowirikiza kawiri. Koma alipo matchati amene amayambira pakati, mwina pa 10, pofuna kuti kusiyana kuoneke bwino. Pa matchati otere maso amanama kwambiri, ndipo ndidzakuonetsani ndi manambala tikafika pa sitepe 4.

Kenako onani ngati manambala a sikelo akukwera mofanana. 0, 5, 10, 15, 20 akukwera ndi 5 pa mpata uliwonse, zili bwino. Mukaona 1, 10, 100, 1,000 pa mipata yofanana, imeneyo ndi sikelo ya mtundu wina imene imachulukitsa m'malo mowonjezera, ndipo njira ya rula imene ndikufotokoza pano siigwira ntchito pamenepo.

3. Pezani mizati iwiri yoyenera

Izi n'zachidule koma anthu amaphonya. Zaka zikalembedwa mopendekera, kumakhala kosavuta kutenga mzati woyandikana nawo. Ikani chala pa chaka, kwerani molunjika mpaka pamwamba pa mzati. Lembani pa pepala mizere iwiri: chaka choyamba 2008, chaka chomaliza 2018. Chaka choyamba ndi chakale, kaya mzati wake uli kumanzere kapena kumanja, poti matchati ena amayamba ndi chaka chatsopano.

4. Tulutsani nambala pa mzati uliwonse

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse. Malangizo ambiri amangoti "werengani nambala pa sikelo" ngati kuti mzati umathera ndendende pa mzere. Kawirikawiri suthera pa mzere. Mzati wa 2008 wadutsa mzere wa 10 koma sunafike pa 15. Wa 2018 wadutsa 15 koma sunafike pa 20. Munthu wothamanga amangoti wa 2008 "uli cha pa 12" ndipo wa 2018 "uli cha pa 18", n'kupeza kuti anthu anawonjezereka ndi 50 peresenti. Wina amati 14 ndi 17, n'kupeza 21 peresenti. Tchati chimodzi, mayankho otalikirana chonchi, chifukwa chongoyang'ana ndi maso.

Chitani motere. Choyamba kulitsani chithunzi mpaka sikelo ndi mizati yanu iwiri zidzaze sikirini koma zonse zikuonekabe nthawi imodzi. Mukatero musachikhudzenso. Mukayeza mzati woyamba, kenako n'kukulitsa kapena kuchepetsa chithunzi musanayeze wachiwiri, miyeso yanu siidzagwirizana. Pa foni izi zimachitika mosadziwa, chifukwa chala kapena rula ikakhudza galasi chithunzi chimasuntha. Ine ndimakulitsa, kenako ndimajambulanso sikirinishoti ya chokulitsacho, kuti chikasuntha ndichibwezere pa kukula komweko. Ngati muli ndi mwayi wosindikiza pa pepala, ndi bwino koposa.

Chachiwiri, lembani mzere wa pansi ndi mzere wa pamwamba pa nsonga ya mzati. Wa 2008: pansi 10, pamwamba 15. Yankho lanu liyenera kukhala pakati pa manambala awiriwa, ndipo likatuluka kunja mwalakwitsa penapake.

Chachitatu, tengani rula, gwiritsani ntchito mbali ya mamilimita, yezani mpata umodzi kuchokera pa mzere wa 10 kufika pa mzere wa 15. Tinene kuti mwapeza mamilimita 20. Pa foni yanu mudzapeza nambala ina malinga ndi mmene mwakulitsira, palibe vuto. Yezaninso mpata wina, monga wa 15 mpaka 20, kuti mutsimikize kuti ndi wofanana. Ukasiyana, ndiye kuti chithunzicho chinajambulidwa ndi kamera mopendeka, monga zimachitikira munthu akajambula tsamba la buku kapena sikirini ya kompyuta ali chammbali. Zikatero mzati uliwonse muuyeze ndi mpata umene nsonga yake ilimo, ndipo muyezere pambali penipeni pa mzatiwo.

Chachinayi, yezani kuchokera pa mzere wa pansi kufika pa nsonga ya mzati. Onetsetsani: kuchokera pa mzere wa 10, osati kuchokera pa tsinde la mzati. Pa mzati wa 2008 mwapeza mamilimita 12. Tsono mzati walowa mamilimita 12 mu mpata wa mamilimita 20, ndipo mpata wonsewo ukuimira 5 miliyoni. Masamu ake ndi awa:

```
10 + (12 ÷ 20) × 5 = 10 + 3 = 13.0
```

M'mawu: nambala ya mzere wa pansi, kuphatikizapo gawo la mpata limene mzati walowa. Magawo 12 mwa 20 a 5 miliyoni ndi 3 miliyoni, kuwonjezera pa 10 zikukwana 13.0 miliyoni.

Mzati wa 2018 wadutsa mzere wa 15 ndi mamilimita 10, ndiye theka lenileni la mpata:

```
15 + (10 ÷ 20) × 5 = 15 + 2.5 = 17.5
```

Ngati mulibe rula, ng'ambani kapepala kowongoka m'mphepete. Kagonekeni pambali pa mzati, lembani kadontho pa mzere wa 10 ndi kena pa mzere wa 15. Pindani kapepalako kuti timadontho tiwirito tikumane. Popindikapo ndi pa 12.5. Pindaninso theka lililonse pakati kuti mupeze 11.25 ndi 13.75. Mukakabwezera pa chithunzi muona kuti nsonga ya mzati wa 2008 yadutsa 12.5 pang'ono koma sinafike pa 13.75, ili cha pakati pa awiriwa, ndiye 13 ndi nambala yoyenera. Kapepala komweko mukakakweza pa mpata wa 15 ndi 20, nsonga ya 2018 igwera popindika papakati, pa 17.5. Kapepala kali ndi ubwino wina: sikasunthitsa chithunzi pa foni, ndipo mukakagoneka mopingasa kamakuthandizani kulondola nsonga ya mzati mpaka ku sikelo ngati tchati chilibe mizere yopingasa.

Chithunzi chimene chadutsa m'mafoni ambiri chimafika chitafufutika, nsonga ya mzati osaoneka yakuthwa. Yezani pakati pa kufufutikako, ndipo chitani chimodzimodzi pa mizati yonse iwiri. Mizere yopingasa nayo imakhala ndi kunenepa kwake mukakulitsa, ndiye yambirani pakati pa mzere nthawi zonse. Ndipo ngati mizati inajambulidwa ngati mabokosi okhala ndi denga looneka, pamakhala nsonga ziwiri, ya kutsogolo ndi ya kumbuyo. Matchati amenewo ndi ovuta kuwerenga molondola. Sankhani nsonga imodzi pa mizati yonse ndipo yankho lanu mulitenge ngati longoyandikira chabe.

Mwina mukufunsa chifukwa chimene ndikukanizira kuyeza mzati wonse kuchokera pa tsinde. Pa tchati chathu choyambira pa 0, njira imeneyo ikhoza kugwira: mzati wa 2008 ndi mamilimita 52, wa 2018 ndi 70, ndipo kuyerekeza 52 ndi 70 kumapereka yankho lolondola. Koma tengani manambala omwewa muwaike pa tchati chimene sikelo yake yayambira pa 10. Mzati wa 2008 utsala mamilimita 12 okha, wa 2018 ukhala 30. Woyeza kuchokera pa tsinde aona kuti wachiwiri ndi wotalika kawiri ndi theka, n'kulengeza kuti anthu anawonjezereka ndi 150 peresenti m'zaka khumi. Pamene woyeza kuchokera pa mzere wa pansi apezabe 13.0 ndi 17.5, chifukwa njira yake imadalira manambala a sikelo, osati maonekedwe a mzati. N'chifukwa chake ndimaphunzitsa njira imodzi yokhayi: imagwira pa matchati onse awiri.

Chenjezo limodzi pa mizati yosanjikiza, ija imene mzati umodzi uli ndi zigawo za mitundu yosiyana, china pamwamba pa chinzake. Ngati mukufuna chigawo cha pamwamba chokha, pezani nambala ya pamene chathera ndi ya pamene chayambira, kenako chotserani. Nsonga ya mzati wonse ikuimira zigawo zonse pamodzi.

5. Werengerani peresenti

Tsopano muli ndi manambala awiri: choyamba 13.0, chomaliza 17.5. Chotsani choyamba pa chomaliza: 17.5 kuchotsa 13.0 kutsala 4.5. Uku ndi kusintha kwake m'mamiliyoni. Gawani 4.5 ndi nambala ya chaka choyamba, kenako chulukitsani ndi 100.

```
(17.5 − 13.0) ÷ 13.0 × 100 = 34.6
```

Pa kakyuleta ya pa foni, yambani mwachotsera n'kudina chizindikiro cha =, kenako mugawe. Mukalemba 17.5 − 13 ÷ 13 × 100 mu mzere umodzi popanda mabulaketi, makakyuleta ambiri a pa foni amayamba ndi kugawa ndi kuchulukitsa, ndipo mudzapeza −82.5. Ngati mukugwiritsa ntchito Excel kapena Google Sheets, ikani 13.0 mu A2 ndi 17.5 mu B2, kenako mu C2 lembani:

```
=(B2-A2)/A2*100
```

Cholakwika chimene ndimachiona kuposa zonse ndi kugawa ndi nambala ya chaka chomaliza. 4.5 kugawa ndi 17.5 kumapereka 25.7 peresenti, ndipo poti nambalayi imaoneka yomveka, munthu sakayika. Ganizani za kumsika: ngati chinthu chinali K1,000 ndipo lero chili K1,500, timati chakwera ndi theka, chifukwa K500 ndi theka la mtengo umene chinali. Poyerekeza timayambira pamene chinthu chinali. Ena anazolowera kugawa ndi nambala yaing'ono nthawi zonse, ena ndi yaikulu. Lamulo siliyang'ana kukula, limayang'ana chaka choyamba.

Ngati mzati wa chaka chomaliza ndi wamfupi, yankho lituluka ndi chizindikiro cha kuchotsera, kutanthauza kutsika. Mwachitsanzo chinthu china chikadachoka pa 17.5 kufika pa 13.0, kukadakhala kutsika ndi 25.7 peresenti, osati 34.6. Kukwera ndi kutsika pakati pa manambala omwewo sikufanana, chifukwa poyambira pasintha.

Dziyeseni nokha musanatumize yankho. Gawo limodzi mwa magawo atatu a 13 ndi pafupifupi 4.3. Ife tapeza kusintha kwa 4.5, kongopitirira pang'ono, ndiye yankho liyenera kungopitirira pang'ono 33 peresenti. 34.6 ikugwirizana, 25.7 ayi.

6. Dziwani malire a yankho lanu

Kakyuleta ikupatsani 34.615 ndi manambala ena otsatira, koma musawakopere. Pa chithunzi chathu milimita imodzi ikuimira anthu 250,000, chifukwa 5 miliyoni yagawidwa m'mamilimita 20. Ngati dzanja lanu linaphonya ndi milimita imodzi yokha, nambala ya 2008 ikhoza kukhala pakati pa 12.75 ndi 13.25, ndipo ya 2018 pakati pa 17.25 ndi 17.75. Yesani mbali ziwiri zoipitsitsa. Kuchoka pa 13.25 kufika pa 17.25 ndi 30 peresenti. Kuchoka pa 12.75 kufika pa 17.75 ndi 39 peresenti. Tsono chimene tchati chakuuzani n'chakuti anthu anawonjezereka ndi pafupifupi 35 peresenti, kapena kuti kupitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo atatu. Lembani choncho, ndipo nenani kuti manambalawo mwawayerekeza kuchokera pa tchati.

Kuyesa kumeneku kumafunika kwambiri pamene mizati iwiri yatsala pang'ono kufanana. Mukadapeza 13.0 ndi 13.5, masamu akadati 3.8 peresenti, koma kusiyana konse ndi mamilimita awiri basi. Kuphonya ndi milimita imodzi pa mzati uliwonse kukhoza kufafaniza kusinthako kapena kukuwirikiza kawiri. Pamenepo musapereke peresenti. Nenani kuti kukuoneka kukwera pang'ono, ndipo funani manambala enieni. Pansi pa tchati pamakhala mawu akuti "Source" otchula kumene manambala achokera, ndipo lipoti lakelo kawirikawiri limakhala ndi tebulo.

Tiyeni tione mmene tachitira. Ofesi ya boma yoona za ziwerengero ku Zomba, ya NSO, inapeza anthu 17,563,749 pa kalembera wa 2018. Ife tinati 17.5 miliyoni. Pa 2008 mudzakumana ndi manambala awiri: 13,077,160, amene ndi anthu onse amene anapezeka m'dziko pa nthawi ya kalembera, ndi 13,029,498, amene ndi anthu okhala m'dziko muno nthawi zonse. Ife tinati 13.0 miliyoni. Ndi nambala yoyambayo kusintha ndi 34.3 peresenti, ndi yachiwiriyo ndi 34.8 peresenti. Yankho lathu la rula lagwera pakati pa awiriwa. Onaninso kuti kusiyana kwa manambala awiri a 2008, anthu osakwana 50,000, sikufika ngakhale kotala ya milimita pa chithunzi chathu. Rula singakuuzeni kuti wopanga tchati anagwiritsa ntchito nambala iti.

7. Misampha iwiri pofotokoza yankho

Woyamba ndi kugawa 35 peresenti ndi zaka 10 n'kunena kuti anthu ankawonjezereka ndi 3.5 peresenti pa chaka. Si choncho, chifukwa chaka chilichonse kuwonjezereka kumawerengedwa pa chiwerengero chimene chakula kale, ngati chiwongoladzanja chimene chimaberekanso chiwongoladzanja. Nambala imene NSO inapereka pa nyengo ya pakati pa makalembera awiriwa ndi 2.9 peresenti pa chaka. Ngati mwafunsidwa kusintha pakati pa zaka ziwiri, yankhani zimenezo basi ndipo tchulani zaka zonse ziwiri. Onaninso kuti mizati yoyandikana siitanthauza nthawi yofanana: kuchoka 1987 kufika 1998 ndi zaka 11, pamene 1998 kufika 2008 ndi zaka 10, ngakhale pa tchati mizatiyo yatalikirana mofanana.

Wachiwiri umabwera pamene sikelo yeniyeniyo ili m'maperesenti. Tinene kuti tchati china chikuonetsa gawo la mabanja amene ali ndi chinthu chakutichakuti, ndipo mzati wachoka pa 20 peresenti kufika pa 25 peresenti. Kusiyana ndi 5, koma musalembe kuti kwakwera ndi 5 peresenti. Kwakwera ndi mapointi 5, ndipo mukatsata njira ya sitepe 5, 5 kugawa ndi 20 kuchulukitsa ndi 100, ndi kukwera kwa 25 peresenti. Onse awiri ndi oona koma akuyankha mafunso osiyana. Kuti wowerenga asasokonezeke, lembani manambala onse: kuchoka pa 20 peresenti kufika pa 25 peresenti.

Pa chitsanzo chathu cha kalembera, chiganizo chimene mungaike mu lipoti kapena kutumiza kwa amene anakufunsani ndi ichi: "Poyerekeza kuchokera pa tchati, anthu m'Malawi anali pafupifupi 13.0 miliyoni mu 2008 ndi 17.5 miliyoni mu 2018, kutanthauza kuti anawonjezereka ndi pafupifupi 4.5 miliyoni, kapena pafupifupi 35 peresenti." Pansi pake sungani pepala lanu la miyeso, lija la mamilimita 20, 12 ndi 10, kuti wina akatsutsa mumupatse rula ayeze yekha.